Tenda imatha kugwa chifukwa cha siginecha imodzi

Mabungwe aboma ndi mabungwe othandiza akafuna kulemba ntchito kampani ya akatswiri, amatulutsa chikalata choitanira mapulopozo chimene pachikuto pake pamalembedwa kuti RFP. Makampani amayankha, maenvulopu amaponyedwa m'bokosi la tenda, ndipo tsiku lotsegula likafika komiti younika imakhala pansi. Komitiyo siyamba ndi kuwerenga nzeru zimene kampani yalemba. Imayamba ndi pepala la mafunso ofuna inde kapena ayi. Kodi envulopu inafika nthawi isanakwane? Kodi kalata yoperekera pulopozo ndi yosayina, ndipo wosayinayo ali ndi chilolezo cholembedwa chosayinira kampani? Kodi satifiketi ya msonkho ya ku MRA ilimo, ndipo sinathe ntchito? Kampani imene yapeza ayi pa funso limodzi lolemera imaikidwa pambali pomwepo, ndipo masamba ake onse ofotokoza kagwiridwe ka ntchito sawerengedwa n'komwe.

Ambiri akagwa motere amathamangira kunena kuti tendayo inali ndi mwini wake kale. Katangale pa matenda aliko, sitingakane. Koma komiti imene yataya pulopozo yosasayina sinalakwe chilichonse. Ku Malawi kugula katundu ndi ntchito zaboma kumayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017 m'malo mwa ofesi ya ODPP ya lamulo la 2003, ndipo mfundo yaikulu ya malamulowa ndi yoti onse opikisana ayesedwe ndi muyeso umene unalembedwa m'chikalata choitanira. Komiti ikachitira chifundo kampani imodzi, makampani enawo ali ndi ufulu wodandaula.

N'chifukwa chake olemba mapulopozo odziwa ntchito salemba chiganizo ngakhale chimodzi asanapange tebulo la zofunika kukwaniritsa, limene m'maofesi amalitchula kuti kompulayansi matirikisi. Ndi tebulo wamba la pa Excel kapena la papepala, momwe lamulo lililonse la m'chikalata limakhala ndi mzere wakewake. Kupanga tebulo lenilenilo n'kosavuta. Ntchito yagona pa kupeza malamulowo, chifukwa sakhala pamalo amodzi ndipo si onse amene amaoneka ngati malamulo.

Kumene malamulo amakhala

Zikalata zambiri za ntchito za akatswiri m'mapulojekiti olipiridwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse zimatsata ndondomeko imodzi, ndipo zikalata za mabungwe ena zimafanana nazo kwambiri. Kutsogolo kumakhala kalata yoitana. Kenako pamabwera malangizo kwa opikisana, omwe sasintha tenda iliyonse, ndi gawo lotchedwa `Data Sheet`, lomwe limadzaza mfundo za tenda imeneyo: tsiku ndi ola lotseka, chiwerengero cha makope, masiku amene pulopozo iyenera kukhala yamphamvu, ndi kagawidwe ka malikisi. Pambuyo pake pali mafomu a luso, `TECH-1`, `TECH-2` ndi ena otsatira, ndi mafomu a mitengo, `FIN-1` mpaka `FIN-4`. Chakumapeto kuli `Terms of Reference`, pomwe pafotokozedwa ntchito yeniyeniyo, ndiponso kontirakiti imene wopambana adzasayine.

Wolemba wachilendo amathamangira ku gawo lofotokoza ntchito chifukwa ndilo losangalatsa, ndipo malangizo amawadumpha poganiza kuti ndi mwambo chabe. Koma malamulo ogwetsa ambiri ali m'malangizomo. M'chikalata cha Banki ija muli lamulo loti pulopozo ya luso isakhale ndi mitengo: mtengo umapita mu envulopu yake yomata, ndipo kampani imene yaulula mtengo m'pulopozo ya luso imatayidwa. Mulinso lamulo loti udindo uliwonse wa katswiri wamkulu ukhale ndi sivi imodzi yokha. Kampani yochenjera imene yaika masivi awiri kuti komiti isankhe wabwino imagwera pomwepo. Malamulo awiriwa simungawapeze m'gawo lofotokoza ntchito.

Zikalatazi zimalembedwa m'Chingerezi, ndiye njira yachidule imene aliyense amaidziwa ndi kutsegula fayilo, kudina `Ctrl+F` n'kufufuza mawu olamula monga `shall`, `must` ndi `required`. Ndi poyambira pabwino. Mawu amenewa amasonyeza chinthu chokakamiza, pamene `should` amasonyeza chimene eni tenda angakonde ndipo `may` amapereka ufulu wosankha. Koma amene amalekera pa kufufuza kokha amaphonya zambiri, pa zifukwa zosavuta kumva. Fayilo ina ndi chithunzi cha sikana, ndiye kompyuta siona mawu n'komwe. Malamulo ena amalembedwa mongouza, monga akuti makope akhale atatu kapena akuti ndalama ndi makwacha. Ena amakhala m'munsi mwa fomu, m'malembo aang'ono ofotokoza kadzazidwe kake. Ndipo ena amabwera mokana: mapulopozo otumiza pa imelo sadzalandiridwa. Komanso `shall` wambiri amalamula eni tenda, osati inu, ndipo ameneyo safuna mzere m'tebulo lanu pokhapokha akukuuzani tsiku loti mulisunge.

Choncho chikalata chiyenera kuwerengedwa chonse ndi maso, tsamba ndi tsamba, cholembera chili m'manja. Ntchito yake ikufanana ndi kusankha mpunga palichero: mwala umene wauphonya suuona mpaka utakuswa dzino. Kufufuza kwa pakompyuta kubwere pambuyo, kuti kugwire zimene maso alumpha.

Chiganizo chimodzi, mizere isanu ndi iwiri

Tiyerekeze kuti khonsolo ya boma lina ikufuna kampani yoti iyendere mijigo 120, ione imene yawonongeka, ndi kuphunzitsa makomiti a mijigo. M'gawo lofotokoza ntchito, ndime 4.2, muli chiganizo chimene tanthauzo lake ndi ili: mtsogoleri wa gulu akhale ndi digiri ya uinjiniya wa madzi kapena yofanana nayo, akhale woti wagwira ntchito za madzi akumidzi zaka zosachepera 8, watsogolera ntchito 3 zofanana ndi ino m'zaka 5 zapitazi, ndipo sivi yake, yosapitirira masamba 4, isayinidwe ndi iye mwini komanso woimira kampani.

Wothamanga amalemba mzere umodzi wakuti sivi ya mtsogoleri, n'kuchonga kuti ilipo. Apa ndi pamene matenda ambiri amafera. Chiganizochi chili ndi malamulo 7. Digiri ndi loyamba. Zaka 8 za madzi akumidzi ndi lachiwiri. Ntchito 3 zimene iye anatsogolera ndi lachitatu, ndipo kuti zonse zigwe m'zaka 5 zapitazi ndi lachinayi. Masamba 4, siginecha ya mwini sivi ndi siginecha ya woimira kampani zikukwanitsa 7. Muyeso wodziwira ngati mwagawa mokwanira ndi wosavuta: ngati mzere ungayankhidwe kuti mbali ina inde, mbali ina ayi, ndiye kuti muli malamulo awiri, ugaweninso.

Tsopano onani chimene kugawaku kumaulula. Kampani yathu ili ndi injiniya amene wagwira ntchito zaka 11, ndipo aliyense mu ofesi akudziwa kuti ndi katswiri. Koma tikafika pa mzere wachiwiri n'kuwerenga sivi yake chaka ndi chaka, tipeza kuti zaka 4 anali pa mapaipi a mumzinda. Za kumidzi ndi 7, kupereweza chimodzi. Pa mzere wachitatu ali ndi ntchito 3 ndithu, koma ina mwa izo anali wachiwiri kwa mtsogoleri. Pa mzere wachinayi, ntchito ina inatha zaka 6 zapitazo. Mzere umodzi uja ukananena kuti zonse zili bwino. Mizere 7 ikunena kuti tifune mtsogoleri wina, ndipo ikunena kudakali masabata atatu, pamene n'zotheka kukambirana ndi munthu, kutenga sivi yake ndi kumusayinitsa.

Polemba mzere uliwonse, koperani mawu a m'chikalata monga alili, osawafupikitsa m'mawu anu. Kufupikitsa ndi kumene kumasandutsa zaka 8 za madzi akumidzi kukhala zaka 8 za ntchito. Anzanu amene azilemba pulopozo aziyang'ana tebulo lanu, osati chikalata, ndiye liwu limene mwalisiya latayika kwa gulu lonse.

Madanga a tebulo

Tebulo labwino silifuna madanga ambiri. Loyamba ndi nambala ya mzere. Lachiwiri ndi kumene lamulo lachokera, gawo, ndime ndi tsamba, kuti wokayika akaone yekha. Lachitatu ndi mawu enieni a lamulolo. Lachinayi ndi mtundu wake. Lachisanu ndi dzina la munthu amene alikwaniritse ndi tsiku lake. Lachisanu ndi chimodzi ndi umboni komanso tsamba la pulopozo yathu pomwe umboniwo uli. Lomaliza limangonena kuti inde, ayi kapena funso.

Danga la mtundu ndilo lofunika kulilingalira bwino, chifukwa malamulo salemera mofanana. Alipo ogwetsa, amene ukawaphonya watuluka: tsiku lotseka, kusayina, kulekanitsa maenvulopu, masatifiketi amene afunsidwa. Alipo a malikisi, amene kuwaphonya kumangokuchotsera mapointi. Ndipo alipo a m'kontirakiti, amene sakugwetsa lero koma adzakumanga ukapambana, monga inshuwalansi kapena masiku operekera malipoti. Amenewa ayenera kufika kwa wowerengera mtengo, apo ayi mudzapambana ntchito imene idzakudyerani phindu lonse.

Mzere womwewo wa zaka 8 ukhoza kukhala wogwetsa m'tenda ina n'kukhala wa malikisi m'tenda ina. Chimene chimagamula ndi gawo la kaunikidwe, choncho lamulo lililonse liyang'anidwe pamodzi ndi gawo limenelo. Tinene kuti m'chitsanzo chathu malikisi a luso ndi 100, akatswiri onse agawiridwa 50, mtsogoleri yekha 20, ndipo kuti udutse uyenera kupeza 75. Kutaya malikisi 8 pa mtsogoleri sikukutulutsa pakokha. Koma ngati pulopozo yathu ikanapeza 80, tsopano yatsika kufika pa 72, ndipo envulopu yathu ya mtengo idzabwezedwa yosatsegula, ngakhale mtengo wathu utakhala wotsikitsitsa. Lamulo la malikisi ambiri nalonso limagwetsa, kungoti limagwetsa mochedwerapo.

Pa danga la munthu, lembani dzina limodzi. Mzere umene walembedwa kuti ofesi ya maakaunti kapena kuti tonse ulibe mwini. Ndipo tsiku lake lisakhale tsiku lotseka tenda. Mapepala ochokera kunja kwa kampani, monga satifiketi ya msonkho, kalata ya ku banki, kapena makalata a umboni ochokera kwa amene tinawagwirira ntchito kale, amayenda pa nthawi ya eni ake. Mizere yotere ndiyo iyenera kuyambidwa tsiku loyamba, pulopozo isanayambe n'kulembedwa komwe.

Danga la umboni ndi limene limasiyanitsa tebulo lothandiza ndi tebulo lodzinamiza. Kulemba m'pulopozo kuti kampani yathu ili ndi luso lokwanira si umboni. Ngati chikalata chikufuna ntchito 3 zofanana, umboni ndi dzina la ntchito, amene anatilemba, mtengo wake, chaka chimene inayamba ndi chimene inatha, ndi kalata yotsimikiza ngati yafunsidwa. Ine sindilola kuti mzere ulembedwe inde popanda nambala ya tsamba. Munthu akati zatheka koma tsamba sakulitchula, nthawi zambiri akutanthauza kuti zitheka.

Pa Excel mungathe kuona mizere yotsala ndi fomula imodzi. Ngati danga lomaliza lili pa G:

```
=COUNTIF(G:G,"ayi")+COUNTIF(G:G,"funso")
```

Koma fomulayi imangowerenga zimene mwalemba. Lamulo limene silinalowe m'tebulo siingalione.

Chikalata chikadzitsutsa chokha

Zikalata za matenda zimalembedwa ndi anthu angapo, ndipo kawirikawiri zimakopedwa ku tenda yakale. Zotsatira zake n'zakuti gawo lina limanena china, lina china. M'chitsanzo chathu, tinene kuti kalata yoitana ikuti pulopozo ikhale yamphamvu masiku 90, pamene `Data Sheet` ikuti 120. Gawo lofotokoza ntchito likuti ntchito ndi ya miyezi 6, koma ndandanda ya malipoti ikufika mwezi wa 8. Woŵerenga mongodutsa saona kutsutsanaku chifukwa manambalawo atalikirana masamba makumi angapo. M'tebulo amakumana, makamaka mukasanja mizere motsata mutu.

Mukapeza zotere musasankhe nambala imene yakukomerani. Onani kaye ngati chikalata chanena gawo limene limaposa linzake. Ngati sichinanene, funsani molemba. Tenda iliyonse imapereka nthawi yofunsira mafunso, ndipo nthawiyo imatha masiku angapo tsiku lotseka lisanafike. Tsiku limenelo nalo ndi mzere wa m'tebulo. Dziwani kuti eni tenda amatumiza funso lanu ndi yankho lake kwa onse opikisana, ngakhale satchula amene wafunsa, choncho funsani mosaulula nzeru zanu. Yankho la pafoni lochokera kwa mnzanu wa mu ofesimo lilibe mphamvu iliyonse pamaso pa komiti. Ngati nthawi yofunsa yadutsa, tsatirani nambala yokhwima: pulopozo yamphamvu masiku 120 yakwaniritsanso lamulo la 90, koma ya 90 singakwaniritse la 120.

Mayankho a mafunso ndi makalata osintha chikalata amakhala gawo la tenda, ndipo amamanga aliyense. Tinene kuti sabata yachiwiri khonsolo yatumiza kalata yoti mijigo si 120 koma 150. Nambala imodzi yasintha, koma yakhudza ndandanda ya ntchito ya mu `TECH-5`, masiku a akatswiri mu `TECH-6`, mtengo wa mafuta ndi wa malipiro m'mafomu a mitengo, ndi chiganizo chilichonse cha m'pulopozo chimene chatchula 120. Wosunga tebulo amalemba mzere watsopano wosonyeza kalata imene yabweretsa kusinthako, n'kubwezera ku ayi mizere yonse imene yakhudzidwa, ngakhale imene inali itatha kale. Tebulo likhale limodzi, losungidwa ndi munthu mmodzi. Makope atatu oyenda pa WhatsApp amabereka pulopozo imene gawo la luso likunena 150 pamene la mtengo likadali pa 120.

Kulemba motsata tebulo

Tebulo likatha, mitu ya pulopozo imadziwika yokha. Ngati gawo la kaunikidwe layamba ndi luso la kampani, kenako kagwiridwe ka ntchito, kenako akatswiri, pulopozo nayo iyende motero, ndi mitu yofanana ndi ya m'chikalata. Wounika ali ndi mulu wa mapulopozo ndi pepala la malikisi, ndipo chimene sachipeza msanga amachiwerengera kuti palibe. Makampani ena amaikanso tebulo lofupikitsa kutsogolo kwa pulopozo, losonyeza lamulo ndi tsamba lake. N'zothandiza, bola chikalata chisakhale kuti chaika malire a masamba kapena chaletsa zowonjezera. Madanga a mayina a antchito ndi zolemba za mu ofesi achotsedwe.

Tebuloli lili ndi malire ake. Limakutetezani kuti musatayidwe, koma silikupatsani malikisi apamwamba. Pulopozo ingathe kukhala ndi inde pa mizere yonse n'kukhalabe yozizira, yongobwereza mawu a eni tenda popanda kusonyeza mmene gulu lidzafikire mijigo ya kutsidya kwa mtsinje m'nyengo ya dzinja. Tebulo lingathenso kukuuzani nkhani yosakoma. Ngati pali lamulo logwetsa limene kampani singalikwaniritse, monga chiwerengero cha zaka zimene yakhala ikugwira ntchito, ndipo chikalata sichilola kugwirizana ndi kampani ina, n'kwabwino kusiya tendayo tsiku lachiwiri kusiyana n'kuthera masabata atatu ndi ndalama za pulinta pa chinthu chodzagwera pakhomo.

Kuunika komaliza kusachitike pa kompyuta, ndipo asachite amene analemba. Munthu wina atenge pulopozo yosindikiza kale, yomanga kale, ayende nayo mzere ndi mzere, akutsegula tsamba lotchulidwalo n'kuona ndi maso ake. Ndi pamenepa pomwe zimaoneka kuti sivi ija ya masamba 4 yataya mizere iwiri pa tsamba lachisanu itasindikizidwa, kuti mwini sivi anasayina koma woimira kampani anaiwala, kuti satifiketi ya msonkho ikutha ntchito masiku awiri tenda isanatsekedwe, kapena kuti m'ndandanda ya ntchito mwatsala danga la ndalama limene lingatayitse pulopozo yonse. Mizere ya maenvulopu, yoti palembedwe chiyani kunja, makope angati, oyambirira adindidwe bwanji, imachongedwa pomaliza penipeni, envulopu ili patebulo.

Kuunika kumeneku kuchiteni kudakali tsiku lathunthu tenda isanatsekedwe, kuti ngati wosayina ali ku Karonga inu muli ku Blantyre pakhale nthawi yomupeza. Bokosi la tenda limatsekedwa pa ola limene linalembedwa, ndipo envulopu yofika mochedwa imabwezedwa yosatsegula.